Kolala Yakuda ndi M'khwapa Mwachikasu: Kachapidwe ka Malaya Oyera a Sukulu

[Pachithunzi: malaya oyera awiri ali patebulo, ena atsopano, ena otuwa. Kamera iyandikire pa kolala ya otuwawo.]

Moni nonse amene mukuonera. Taonani malaya awiriwa. Onse ndi a yunifolomu, nsalu yake ndi imodzi, koma awa avalidwa teremu imodzi yokha. Kolala ili ndi mzere wakuda umene sukuchokanso, m'khwapa mwasanduka chikasu, ndipo thupi lonse latuwa. Amene amachapa malayawa si waulesi ayi, amachapa Loweruka lililonse mpaka manja kuwawa. Chawononga malayawa ndi zinthu zitatu: litsiro limagona pansalu masiku ambiri, sopo satsukuluzika bwino, ndipo jiki amathiridwa pamene sakufunika.

Tiyambe ndi kuona chimene chili pa kolalapa. Si fumbi lokha. Khungu la munthu limatulutsa mafuta, kuwonjezera thukuta, kuwonjezeranso mafuta amene mwana wadzola m'mawa asananyamuke. Zonsezi zimapakika pa kolala, ndiye fumbi la m'njira likafika limakakamira pomwepo. Malaya ambiri a sukulu masiku ano si a thonje lokha, ndi osakaniza ndi poliyesita. Mukaona kachikwangwani ka m'khosi kapena ka m'mbali mwa msoko, nthawi zambiri kamalembedwa 65% polyester, 35% cotton. Poliyesita amauma msanga ndipo sakwinyika kwambiri, n'chifukwa chake amamukonda, koma amagwira mafuta osafuna kuwataya. Mafuta a tsiku limodzi amachoka ndi sopo pang'ono. Mafuta amene agona sabata yonse amalowerera m'kati mwa ulusi n'kuyamba kusintha mtundu, ndipo kuwachotsa kumakhala ntchito.

Choncho ntchito yaikulu imachitika mwana akangoweruka, osati Loweruka.

[Pachithunzi: manja, beseni laling'ono, sopo wochapira.]

Tiyerekeze kuti mwana wanu ali Fomu 2, ali ndi malaya awiri okha, amayenda wapansi kupita kusukulu, ndipo madzi mumatunga pamjigo. Akangofika pakhomo avule malaya asanadye, asanapite kukasewera. Msuzi wa matimati ndi mafuta a ndiwo zawononga malaya ambiri kuposa fumbi la kusukulu. Akavula, asawaunjike pakona kapena m'thumba akadali ndi thukuta.

Nyowetsani kolala, m'khwapa ndi kumapeto kwa manja ndi madzi ozizira kapena ofunda pang'ono. Tambasulani kolala, pakani sopo wochapira mpaka mzere wonse ukutidwe, kenako musiye kwa mphindi 10 kapena 15. Kudikira kumeneku anthu ambiri amakudumpha, pamene ndi nthawi imene sopo amasungunula mafuta. Mukatero pindani kolala, tikitani nsalu ndi nsalu inzake ndi zala. Ngati mzere ukukanirira, tengani mswachi wakale wofewa, pukutani motsatira ulusi. Chonde musakhuze kolala pamwala kapena pasimenti. Imayera ndithu tsiku limenelo, koma ulusi wa pamwamba umadukaduka, nsalu imachita manyunyu, ndipo malo okhakhalawo amagwira litsiro mofulumira kuposa kale. Kolala zambiri zothetheka m'mphepete zinathera pamwala wochapira.

Ngati kolala ili ndi mafuta odzola ambiri, kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale kamathandiza, poti ntchito yake ndi kuchotsa mafuta. Komanso muuzeni mwana kuti asadzole kwambiri m'khosi, ndipo adikire pang'ono mafuta alowe asanavale malaya.

Tsopano malaya onse. Thirani madzi okwana malita 5 m'beseni, ikanimo sopo waufa masupuni aakulu awiri, vundulani mpaka asungunuke, ndiye muviike malaya. Sopo wothira pamwamba pa chovala amakakamira m'misoko. Malaya oyera aviikidwe okha. Thalauza lotuwa, siketi yabuluu, masokosi, zonsezo zidikire madzi awo, chifukwa ngakhale chovala chimene chikuoneka kuti sichisuluka chimataya mtundu pang'onopang'ono, ndipo nsalu yoyera imatola. Mphindi 30 zakwana, ola limodzi ngati ada kwambiri. Kuviika usiku wonse m'madzi akuda sikuwonjezera kanthu: madzi akazizira ndipo thovu likatha, litsiro lija limabwerera pansalu, malaya n'kuyamba kafungo.

[Pachithunzi: ndowa ya madzi a pamjigo, pafupi pali ina imene yagona.]

Nkhani ya madzi ndiyofunika tiime nayo pang'ono, chifukwa pamakhala mabanja amene amachita zonse bwino koma malaya amatuwabe. Madzi a mijigo ina ndi zitsime zina savomera sopo. Mudzadziwa chifukwa thovu limavuta kubwera, ndipo pamwamba pa madzi pamayandama timibulu totuwa. Timibuluto ndi sopo amene wagwirana ndi mchere wa m'nthaka umene uli m'madzimo, ndipo timamatirira pansalu. Madzi otere amavutitsa kwambiri sopo wolimba uja, pamene sopo waufa amalimbana nawo bwinoko. Ndiye ngati kwanu n'kotero, sopo wolimba akhale wa pa kolala ndi m'khwapa basi, thupi la malaya lichapidwe ndi waufa.

Madzi ena amakhala ndi chitsulo. Pomwe mukupopa amaoneka oyera, koma mukawasiya m'ndowa usiku wonse, m'mawa mupeza pansi pali matope ofiirira ngati dzimbiri. Madzi otere musachapire malaya oyera pomwepo. Tungani lero, agone, mawa tsanulani a pamwamba mosamala n'kusiya a pansiwo. Nyengo ya dzinja, madzi a mvula otchera padenga loyera ndiwo abwino kuposa onse, amachita thovu ndi sopo wochepa.

Potsukuluza musaumire madzi. Katatu, kapena mpaka mukafinya asatuluke thovu ndipo nsalu isamaterere m'manja. Sopo wotsalira ndi amene amachititsa malaya kulimba akauma, ndipo simbi yotentha ikadutsapo amasiya chikasu. Ngati madzi ndi ovuta kupeza, kuli bwino kuchepetsa sopo kusiyana ndi kuchepetsa kutsukuluza. Madzi otsukuluzirawo satayika, mukhoza kuchapiramo thalauza ndi masokosi.

[Pachithunzi: botolo la jiki, kamera pa m'khwapa mwa malaya otuwa aja.]

Tibwere pa jiki. Munthu akaona chikasu m'khwapa, maganizo oyamba amakhala kuthirapo jiki wambiri. Apa ndi pamene malaya ambiri amafera. Chikasu chimenechi chimachokera ku thukuta ndi mafuta a m'thupi, ndipo kwa ana akuluakulu amene ayamba kupaka mankhwala oletsa thukuta, chimakula chifukwa mankhwala ambiri otere ali ndi aluminiyamu. Jiki akakumana ndi zotsalira za thukutazi, nthawi zambiri chikasu chimangowonjezeka. Akakumana ndi madzi a chitsulo aja, amatulutsa dzimbiri pansalu pomwepo. Ndipo akachuluka pa poliyesita amasiya chikasu chimene sichidzachokanso, kwinaku akudya ulusi wa thonje mpaka malaya kung'ambika paphewa popanda chifukwa chooneka.

M'khwapa mwachikasu mumafuna soda, yemweyu wothira m'therere. Tengani masupuni atatu a soda ndi supuni imodzi ya madzi, pangani phala, pakani m'khwapa kunja ndi m'kati, musiye kwa mphindi 30 kapena ola, mutikite ndi sopo, muchape monga mwa nthawi zonse, ndipo muyanike padzuwa. Chikasu chakale sichichoka ulendo umodzi. Bwerezani pa machapidwe angapo otsatizana, ndipo ngati chikucheperachepera, pitirizani. Ngati sichikusintha konse ndipo malayawo anadutsapo m'jiki wamphamvu, ndiye kuti nsalu yeniyeniyo inapsa, ndipo palibe mankhwala amene angabweze.

Sindikuti jiki ndi woipa. Ali ndi ntchito yake, makamaka pa timadontho takuda ta nkhungu timene timabwera malaya akasungidwa onyowa nthawi ya mvula. Koma agwiritsidwe ntchito mwa apo ndi apo, pa malaya amene achapidwa kale ndi kutsukuluzidwa. Masupuni aakulu awiri m'malita 5 a madzi ozizira opanda chitsulo, muvundule musanaike chovala, mphindi 5 mpaka 10 basi, kenako mutsukuluze kwambiri. Ngati pathumba pali baji yamitundu, dziwani kuti ikhoza kusuluka. Ndipo ichi ndikutsindika chifukwa ndi nkhani ya moyo: musasakanize jiki ndi mandimu, viniga kapena mankhwala ena otsukira. Zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umawononga mapapo. Botolo likhale patali ndi ana aang'ono.

[Pachithunzi: malaya ali pachingwe, kenako simbi ya makala.]

Poyanika, musapotokole malaya mwamphamvu. Finyani pang'ono, kutumulani kawiri katatu kuti makwinya achepe, ndipo muyanike padzuwa, chifukwa dzuwa limayeretsa nsalu yoyera. Chingwe chikhale chapulasitiki. Waya wadzimbiri amasiya mzere wofiira, ndipo ukachitika, mankhwala ake ndi madzi a mandimu ndi mchere, kuika padzuwa, kenako kutsukuluza. Jiki pa dzimbiri amangoipitsa. Pewaninso kuyanika pansi kapena paudzu: kupatula fumbi, pali ntchentche ija imene imaikira mazira pa zovala zonyowa, mphutsi zake n'kulowa pakhungu. Kusita kumapha mazirawo. Malaya osakaniza ndi poliyesita amauma m'maola ochepa, ndiye amene achapidwa masana a Lolemba amakhala okonzeka Lachitatu popanda vuto, pamene enawo akuvalidwa Lachiwiri. Malaya awiri amakwana sabata yonse ngati akusinthana chonchi.

Musanasite, yang'anani kolala ndi m'khwapa powala. Ngati banga likuonekabe, musadutsepo simbi, chifukwa kutentha kumalikhomerera. Simbi ya magetsi ikhale pakatikati, osati pamapeto. Ya makala, pukutani kunsi kwake, uzirani phulusa kutali ndi chovala, ndipo muyese kaye pansalu yakale yoyera. Ikamakakamira kapena kusiya kuwala pansaluyo, yatenthetsa, idikireni. Yambani ndi kunsi kwa kolala, kuchokera kunsonga kupita pakati, kenako manja, kumalizira thupi.

Kolala ikafika pothetheka pamene thupi la malaya likadali lolimba, musathamangire kugula ena. Pitani nawo kwa telala akaisomole n'kuitembenuza, mbali imene inali kunsi ibwere pamwamba. Ingoyang'anani kaye kuti kunsiko kulibe timatumba toikamo tizitsulo kapena timapulasitiki tolimbitsa nsonga, chifukwa kolala yotere siitembenuzika bwino.