Makalata a omvera: Zithunzi za chimbuuzi zomwe ana akutitumizira

"Zikomo aulutsi. Ndine Bambo Phiri, ndimasoka zovala ku Mayfair kuno ku Joni. Mwana wanga wa zaka 17 amanditumizira zithunzi zoseketsa zija amati mamimu, koma zambiri n'zachimbuuzi. Dzulo watumiza cha munthu wa nkhope yopotoka, maso ali psuu, mitundu yonse italowererana, pansi atalemba kuti 'Akamaimba a kumudzi pa 25'. Ndinapita nayo foni kwa wokonza, iye anangoseka. Vuto ndi foni, netiweki, kapena mwanayu?"

A Phiri, zikomo potilembera. Foni yanu ili bwinobwino, musataye marandi kwa wokonza. Chithunzicho anachiwononga dala, ndipo kuwonongekako ndi mbali ya nthabwalayo.

Poyamba zinkachitika mwangozi. Zithunzi zambiri za m'mafoni zimasungidwa mwa njira yotchedwa JPEG, yomwe inakhazikitsidwa mu 1992. Kuti chithunzi chichepe, chisadye bandulo yambiri, njirayi imachidula m'timabokosi ta timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, n'kutaya tinthu ting'onoting'ono tomwe diso silingatione msanga. Zomwe zatayidwazo sizibwereranso. Kamodzi kokha simuzindikira kanthu. Koma wina akachijambula pasikirini, n'kuchidula m'mbali, n'kuchiponya pa Facebook, wina n'kuchitenga kumeneko kupita nacho pa WhatsApp, paliponse chikusungidwa mwatsopano ndipo chikutaya kenakake. Nonse amene munachititsapo fotokope ya fotokope ya pasipoti mukudziwa mmene nkhope imathera. Mapeto ake timabokosi tija timayamba kuoneka ndi maso, ndipo m'mbali mwa zilembo mumachita ngati litsiro.

Ndiye anthu anazolowera kuti chithunzi chotopa chotere n'chomwe chayenda m'manja ambiri. Nthabwala yosakoma palibe amaitumiza, imafera pomwe yabadwira ili yoyera. Yokoma ndi imene imafika kwa inu itatheratu. Cha m'ma 2015 mpaka 2017, achinyamata a ku America pa Twitter, Tumblr ndi Reddit anayamba kuchita zimenezi mwadala, mopyola muyeso, moti chithunzi chopangidwa lero chizioneka ngati chazungulira dziko lonse. Mukalemba deep fried memes pa Google muziona zambirimbiri.

Tsopano titenge chithunzi chanu chomwecho. Tiyerekeze kuti mwana wanu akanatumiza chooneka bwino, munthu atagwira foni, nkhope ili ndwii, mawu omwewo pansi. Mukanamwetulira pang'ono, mwinanso mukanakhumudwa, poti nkhani ya kumudzi pa mapeto a mwezi si yamasewera. Chithunzi choyera chimanena zinthu mwaulemu, ngati chikalata. Koma iye anafuna kuti muone mmene mtima umachitira foni ikalira, malipiro angolowa kumene, lendi isanaperekedwe, mita ya magetsi ikulira, uku nambala yoyamba ndi +265 ikuthwanima. Choncho anatsegula chithunzicho pa kapulogalamu kokonzera zithunzi, n'kukankha Saturation mpaka kumapeto kuti khungu lifiire, n'kukweza Contrast kuti mithunzi ide bii, n'kubwereza Sharpen kangapo mpaka nkhope itachita mchengamchenga. Anawonjezera kuwala kofiira m'maso muja. Chimbuuzi chozungulira chija ndi chosonyeza chizungulire, dziko likukuzungulira mutu. Atatha anachijambula pasikirini n'kuchisunganso kangapo kuti chiphwanyike bwino.

Zonsezo ndi kamvekedwe ka mawu, a Phiri. Chithunzi sichingakuwe, ndiye mitundu yopsereza ija ndiyo kukuwa kwake. Ife a pawailesi tikudziwa kuti mawu akapyola malire a makina amasweka, ndipo kale tikatero bwana ankatiitanira ku ofesi. Lero ana amaswa dala mawu m'timavidiyo tawo pa chifukwa chomwechi. Choseketsa n'chakuti kanthu kakang'ono, kulira kwa foni chabe, akukapatsa nkhope ya tsiku lachiweruzo.

Palinso kachipongwe pang'ono. Mwana amene wakulira pa Instagram watopa ndi zithunzi zosalala, aliyense khungu lowala, wayima pa galimoto la bwana ku Sandton ngati lake. Amalondanso akafuna kutigulitsa kanthu amabwera ndi zithunzi zonyezimira. Chithunzi chonyansa dala chikunena kuti ine sindikugulitsa kanthu, ndangopanga pa foni tili mu tekisi. N'chifukwa chake kampani ikayesa kutengera kalembedwe aka pa malonda ake, achinyamata amainyoza m'malo moseka.

Kuti musadzapitenso kwa wokonza pachabe, yang'anani izi. Ngati chithunzi chili mbuu ndipo pakati pali kamuvi kolozera pansi, sichinatsike, vuto ndi bandulo kapena netiweki. Ngati chatsika koma n'chofooka, mitundu yozilala, timabokosi tikuoneka, chatopa ndi ulendo. Koma mitundu ikakhala yolusa, maso akuyaka, tinkhope toseka tija titamwazidwa paliponse, ameneyo ndi munthu wachita kukhalira pansi. Ulendo wokha sungamuyatse munthu maso. Ndipo zithunzi za masuti omwe mwasoka, potumiza kwa kasitomala pa WhatsApp dinani HD kapena mutumize ngati Document, kuti ulusi uoneke.

Kalata ina yachokera ku Rosettenville.

"Ndine Chisomo, ndimaluka tsitsi. Ndinayesa kupanga changa, ndinatenga chithunzi cha mnzanga akugona pa basi ya ku Blantyre n'kuchipotoza. Pagulu lathu palibe anaseka, ndipo mnzangayo sakundiyankhula. Ndinalakwitsa pati?"

Achemwali, pali ziwiri. Choyamba, chimbuuzi sichibala nthabwala pomwe palibe. Chimangokweza yomwe ilipo kale. Cha a Phiri chija chinagwira chifukwa aliyense wa ife kuno amaidziwa foni ya pa 25. Munthu wogona pa basi ndi munthu wotopa basi, wakhala pamzere ku Beitbridge usiku wonse. Mukanalemba mawu omwe tonse tingadzionemo, bwenzi zili zina. Ndipo mawuwo aziwerengeka. Ambiri amaphwanya chithunzi mpaka zilembo kusungunuka, wolandira n'kumangotembenuza foni. Zilipo zina zomwe nthabwala yake ndi kusamveka komweko, chilembo chimodzi chokha pa nkhope yachilendo, koma zimenezo amaseka ndi okhawo omwe aona kale mazana a zinzake. Pagulu lomwe muli azakhali anu sizingayende.

Chachiwiri ndicho chachikulu, ndipo apa sindikunyengererani. Nkhope zomwe anthu amazipotoza bwinobwino ndi za zidole za m'makatuni, za nyama, kapena yanu yomwe. Ya mnzanu, womujambula ali mtulo osadziwa, n'kumutupitsa mphuno pamaso pa gulu lonse, kumeneko n'kumuyalutsa. Komanso kumbukirani zomwe ndauza a Phiri za mmene chithunzi chimayendera m'manja ambiri, chikangotuluka sichibwerera. Mawa chikhoza kupezeka ku Ndirande, wina atafufuta mawu anu n'kulembapo ake, mwina akuti mayi uyu wagwidwa ndi zakutizakuti. Poti n'chachimbuuzi kale, palibe angadziwe pomwe pasinthidwa. Chifufuteni pagulupo lero lomwe, mupemphe omwe anachisunga achite chimodzimodzi, kenako mumuimbire mnzanuyo. Kuimba, osati kulemba.