Kiriyetini: zoyembekezera sabata ndi sabata

Zikomo amfumu, zikomo nonse. Anyamata onyamula zitsulo kuno ku Senga Bay mwakhala mukundifunsa za ufa uja wa kiriyetini wothandiza minofu pa masewero olimbitsa thupi, kuti munthu akayamba kumwa, mphamvu zimabwera liti.

Tiyerekeze mnyamata wolemera makilogalamu 65, amene akagona chagada pa benchi amakankha chitsulo cha makilogalamu 50 maulendo 8. Wayamba kumwa magalamu 5 tsiku lililonse, ngakhale masiku opuma.

Sabata yoyamba samva kanthu. Ufawu suchita za pompopompo, umasonkhana pang'onopang'ono m'minofu, ndipo pa muyezo umenewu minofu imadzaza pakatha masabata atatu kapena anayi. Ena amafulumizitsa pomwa magalamu 20 patsiku, ogawa kanayi, kwa masiku 5 mpaka 7. Minofu imadzazadi m'sabata imodzi, koma ena m'mimba mumawasokosera, mwinanso mpaka kutsegula. Ine sindiona chothamangira, poti pakutha pa mwezi onse amakhala afika pamodzimodzi.

Tsono mvetserani apa. Pofika sabata yachiwiri kapena yachitatu, sikelo ikhoza kumuonetsa 66, mwinanso kuyandikira 67. Asayambe kudzitama! Si nyama yatsopano imeneyo, ndi madzi amene kiriyetini wakokera m'kati mwa minofu. Mkono umaoneka wodzadza, malaya amathina pang'ono, koma mnofu weniweni sukula msanga chotero. Amayi musade nkhawa, si mafutanso ayi. Muzingomukumbutsa kumwa madzi, kutentha kwa Salima mukukudziwa.

Mphamvu zimayamba kuonekera cha m'sabata yachitatu ndi yachinayi, ndipo zimabwera mwakachetechete. Chitsulo chija ankakankha ka 8 tsopano akukankha ka 9 kapena ka 10, ndipo akapuma n'kubwereza safooka msanga. Chifukwa chake n'chakuti kiriyetini amathandiza mnofu kubwezeretsa mphamvu ya ntchito yolemetsa ya masekondi ochepa. Wopalasa kabaza mtunda wautali asayembekezere zambiri.

Kukula kwenikweni kumadza pakati pa sabata ya 8 ndi ya 12, ndipo kumachokera ku maulendo owonjezera aja. Mnyamatayu akamawonjezera kulemera kwa chitsulo, kudya mokwanira ndi kugona bwino, akhoza kuposa mnzake wosamwa ndi pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu. Akangomwa osanyamula, phindu lake ndi lochepa zedi.

Achimwene kumbuyoko mukuti mwezi watha osaona kanthu? Zimachitika. Nsomba ndi nyama zili kale ndi kiriyetini, choncho wodya chambo ndi usipa kawirikawiri akhoza kuona kusintha kochepa. Muzilemba m'kope zimene mwanyamula sabata iliyonse, galasi limanamiza.

Mukasiya, madzi aja amachoka pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, sikelo n'kutsika. Amene muli ndi vuto la impso, yambani mwaonana ndi adokotala. Ndipo mukapita kukayezetsa magazi muziwauza kuti mukumwa ufawu, chifukwa umatha kukweza nambala imene amayang'ana poyeza impso.