Agogo Aona Dzuwa la ku Glasgow Usiku: Kodi Kuimba pa Vidiyo Kunja Kumadula?

[Wowulutsa ali pampando, foni ili m'manja]

Muli bwanji nonse? Lero ndili ndi kankhani ka agogo ena a ku Ntcheu, ndiponso bodza limodzi limene landitopetsa. Mukaonera mpaka kumapeto mudziwa kuti mphindi 20 za kuonerana pa foni zimadya bandulo yochuluka bwanji. Ngati ndinu atsopano, dinani Subscribe pansipa, tiyambe.

Mdzukulu wa agogowa, mtsikana, anapita kukaphunzira ku Glasgow, ku Scotland. Ponyamuka anawasiyira foni yamakono, koma kwa miyezi ingapo foniyo inangokhala m'chikwama chopitira kutchalitchi. Iye akaimba, agogo ankangoti, "Tili bwino, dula, ungathe ndalama za sukulu." Basi.

Tsiku lina mu Juni, cha m'ma 9 koloko usiku, foni inalira. Mnyamata wa pakhomopo anayankha n'kuwapatsira. Agogo anaiika kukhutu monga mwa masiku onse, ndiye uko ku Glasgow mdzukulu ankangoona khutu ndi duku.

"Agogo, ichotseni kukhutu, muiyang'ane!"

Ataiyang'ana anakhala chete pang'ono, kenako akuti, "Iwe, waonda chonchi bwanji? Ndipo ukundinamiza, kumeneko ndi masana."

[Chithunzi cha mawotchi awiri]

Sankanama. Mu Juni ku Glasgow dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Pamene kwathu inali 9, kumeneko inali 8, kunja kuli ngwee. Mtsikanayo anatembenuza kamera kuwaonetsa pawindo, agogo n'kuitana nyumba yonse kuti idzaone.

Tiyeni tithamange ndi zoyambira, chifukwa ambirinu mukuzidziwa kale.

Choyamba, onse awiri akhale ndi WhatsApp komanso intaneti. Nambala yakunja isungidwe ndi chiyambi chake: ya ku Britain imayamba ndi +44, yathu ndi +265.

Chachiwiri, tsegulani dzina la munthuyo mkati mwa WhatsApp, dinani kachizindikiro ka kamera.

Chachitatu, kuwala kukhale kumaso, osati kumbuyo. Agogo akakhala pakhonde dzuwa lili kumsana, mdzukulu azingoona chithunzithunzi chakuda.

Chachinayi... ayi, chachinayi chidikire kaye. Ndiyambe ndathana ndi bodza lija.

[Mawu aakulu pachithunzi: "KUIMBA KUNJA KUMADULA"]

Agogo aja atasangalala kwa mphindi ziwiri, mantha anabwerera. "Dula mwana wanga, nkhope yako ikuchokera kutali, iwononga mayunitsi." Ndipo si agogo okha. Ndamvapo anthu ophunzira, amataye pakhosi, akunena zomwezi. Amati kuonerana ndi munthu wa ku Britain kumadya bandulo kuposa kuonerana ndi wa ku Balaka.

Si zoona. Pa intaneti simulipira mtunda, mumalipira kuchuluka kwa zimene foni yanu yatumiza ndi kulandira. Chithunzi cha agogo chikachoka pafoni chimafika pansanja ya Airtel kapena TNM imene ili pafupi. Kuchoka apo chimayenda m'zingwe, kudutsa ku Tanzania kapena ku Mozambique chifukwa ife tilibe nyanja yamchere, n'kukalowa m'zingwe zapansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy. Ulendo wonsewo kampani ya foni sikuwerengerani padera. Imangowerenga ma MB amene adutsa pafoni yanu. Kaya winayo ali ku Glasgow, kaya ali kuseri kwa nyumba, kawerengedwe ndi komweko.

Ndiye bodzali linachokera kuti? Linachokera ku chinthu choona. Mukaimba nambala ya +44 pa batani lobiriwira la foni wamba, kunja kwa WhatsApp, kumeneko ndiye kuimba kunja kwenikweni, ndipo mayunitsi amatha mukadali pa "mwadzuka bwanji". Akuluakulu athu anapsapo kale ndi zimenezi, ndiye sindikuwaseka. Chimene chimandikwiyitsa ndi achinyamata amene amadziwa kusiyana kwake koma osawafotokozera. Mabatani awiriwa amafanana, onse ali ndi kachithunzi ka foni. Ngati simunawaonetse agogo kuti oyenera ndi ati, mlandu ndi wanu.

Tiwerengere limodzi. Kuonerana pa WhatsApp kumadya ma MB pafupifupi 5 pa mphindi, nthawi zina kuchepera, nthawi zina kuposera, malinga ndi mphamvu ya netiweki. Mphindi 20 ndi ma MB pafupifupi 100. Ndiye kuti bandulo ya 1GB ingakwane macheza otere pafupifupi 10. Mawu okha opanda chithunzi nthawi zambiri safika ndi 1MB pa mphindi.

Musangokhulupirira ine. Mukatha kuimba, pitani pa Calls, tsegulani tsatanetsatane wa kuimba kumeneko, muona mphindi ndi ma MB amene apita. Imbirani m'bale wakunja, kenako mnansi wanu, mphindi zofanana, muyerekeze. Mundilembere pansipa zimene mwapeza, makamaka inu amene mukugwedeza mutu panopa. Ndikukuonani.

Koma pali mbali ina imene anthu amaiwala. Pa foni wamba amalipira ndi woimba yekha. Pa WhatsApp onse awiri akudya bandulo, woimba ndi woyankha. Mdzukulu akhoza kukhala pa Wi-Fi ya kusukulu, koma ya agogo ikutha ndithu. Choncho inu muli kunjako, musamangoti "ndiimba ndine", tumizani ya bandulo.

Chabwino, chachinayi chija. Mu WhatsApp pitani pa Settings, kenako Storage and data, muyatse Use less data for calls. Ndipo yang'anani pamwamba pa foni. Pakalembedwa 4G kapena H+, imbani. Pakalembedwa E, chithunzi chiziuma ndipo muziona mawu akuti Reconnecting. Zikatero zimitsani kamera mupitirize ndi mawu okha, kapena sunthani mupite pamene netiweki imagwira. Mudzi uliwonse uli ndi chulu chake chodziwika.

Chachisanu, nthawi. Kwathu wotchi sisintha, koma ku Britain amaisintha Lamlungu lomaliza la Malichi ndi lomaliza la Okutobala. Pakati pa Malichi ndi Okutobala ali kumbuyo kwathu ndi ola limodzi, miyezi inayo ndi maola awiri. Agogo amene amadzuka 5 koloko m'mawa akaimba mu Disembala, mwanayo amudzutsa 3 koloko usiku.

[Chithunzi cha poto pamoto]

Nanga agogo aja? Atamva kuti ndalama za sukulu sizikutha, anabwerera ku nkhani ya kuonda. Loweruka lotsatira anamulamula kuti aimike foni pafupi ndi mbaula, kamera iloze m'poto, aphike nsima iwo akuona.

"Madziwo angofunda, thira ufa pang'ono. Pang'ono ndati! Vundikira phala lithakhathe."

"Agogo, lapsa."

"Silinapse, ndikuliona. Ukathamangira kuthira ufa, nsimayo ikhala yosapsa. Ndipo mthiko wagwirawo ndi chiyani, wa tiyi?"

Nsima itapakulidwa, agogo anafunsa mnyamata uja kuti kachizindikiro kotembenuzira kamera ndi kati. Anadina okha, n'kuyenda ndi foniyo mpaka kunkhokwe kukamuonetsa chimanga cha chaka chimenecho, kenako kukhola kukamuonetsa mbuzi imene inaswa mapasa. Anadandaula kuti foni singathe kudutsitsa ufa woyera, chifukwa ufa wogula kumeneko sanaukhulupirire.

Mu vidiyo yotsatira ndikuonetsani mmene mungaikire anthu angapo pa kuimba kumodzi, kuti wa ku Joni, wa ku Lilongwe ndi wa ku Glasgow aonane ndi agogo nthawi imodzi. Dinani kabelu kuti isakupiteni, ndipo iyi itumizireni amalume aja amene amadula foni musanamalize moni.