Munadwala, Riteni Inachedwa, MRA Yakuikirani Chindapusa: Kalatayo Mulembe Chonchi

[Kamera pankhope, pepala lili m'manja]

Mwatuluka m'chipatala, miyendo idakali yolefuka, mwatsegula Msonkho Online, tsamba la pa intaneti la MRA, n'kupeza chindapusa chakudikirani. Musathamangire kulemba kalata musanamve izi, chifukwa pali bodza lina limene likuluzitsa anthu ndalama muno mu Lilongwe, ndipo lero ndithana nalo. Takulandirani nonse. Amene mwabwera koyamba, kabatani ka subscribe kali m'munsimo, dinani tizipita.

Zoyambira mwachangu, ambiri mukuzidziwa. Riteni ya VAT, fomu yofotokozera MRA za msonkho wanu, imafunika pofika pa 25 mwezi wotsatira. PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito, pa 14. Riteni ya msonkho wa pachaka, pasanathe masiku 180 chaka cha bizinesi yanu chitatha. Mukadumpha tsikulo, chindapusa chimabwera. Makina sadziwa zoti munali pa diripi.

Tsono bodza lija. Ndalimva m'minibasi ya ku 25, ndalimva kwa Malangalanga, ndalimvanso kwa anthu ovala tayi amene ankayenera kudziwa bwino. Akuti: “Ukangopereka kalata ya adokotala, zonse amafufuta.” Zonse? Abale anga, ayi.

Taonani pepala ili. [Akuloza ndi cholembera] Ngongole yanu ku MRA ili ndi zigawo zitatu. Pali msonkho weniweniwo. Pali chindapusa cha kuchedwa. Ndiye pali chiwongoladzanja chimene chimakwera pa ndalama yosalipidwa. Kalata yanu ikupempha za chindapusa. Msonkho uja sukusuntha. Ndipo pa VAT ganizani bwino: ndalama imeneyo munalandira kwa kasitomala amene anagula simenti, si yanu, mumangoisunga. Mudwale malungo, muchitidwe opaleshoni, ndalama ya eni ake ikadali ya eni ake.

Chinanso chimene bodzali limabisa: kuchotsa chindapusa si ufulu woti mungaumirire. Mukupempha, ndipo MRA imayang'ana nkhani yanu n'kuvomera kapena kukana. Kalata ya adokotala imangosonyeza kuti munadwala. Siyankha funso limene wowerengayo ali nalo m'mutu, loti kudwalako kunalepheretsa bwanji riteni kutumizidwa pa tsiku lake. Zimenezi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo makalata ambiri amagwera pamenepo.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti munthu akakhulupirira bodzali amakhala pansi. Waponya kalata, akuti ndidikire kaye yankho, riteni sanatumize, msonkho sanalipire. Miyezi ikudutsa, chiwongoladzanja chikukwera. Tsiku limene akufuna satifiketi yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, kuti apikisane nawo pa tenda, ndi pamene amadzidzimuka. Palinso mng'ono wake wa bodzali: “Sitolo inali yotseka, sindinagulitse kanthu, nditumiza chiyani?” Ngati munalembetsa VAT, mumatumizabe riteni ya ziro. Kusagulitsa ndi kusatumiza n'zosiyana.

Lembani m'munsimo ngati munalimvapo bodzali, ndikufuna ndione kuti lafika madera ati.

Chabwino, masitepe.

Sitepe yoyamba: tumizani riteni yochedwayo lero, ndipo lipirani msonkho weniweniwo. Ngati ndalama yonse palibe chifukwa inathera ku mankhwala, lipirani imene ilipo, mukakambirane nawo za kulipira pang'onopang'ono. Sungani umboni wa malipiro.

Sitepe yachiwiri ndi masiku, ndipo apa ndichedwapo. Tiyerekeze mayi wina ali ndi sitolo ya zipangizo zomangira kwa Malangalanga, bizinesi ya yekha, riteni amatumiza yekha. Riteni ya VAT ya mwezi wa Meyi ikufunika pa 25 Juni. Mayiyu agonekedwa m'chipatala pa 18 Juni, atuluka pa 9 Julaye, atumiza riteni pa 15 Julaye. Onani mmene masiku akugwirizanirana. Tsiku la 25 Juni lili mkati mwenimweni mwa nthawi imene anali pabedi, ndipo atatuluka sanathe sabata asanakonze. Wowerenga kalata sakufunikanso kumunyengerera, mapepala akulankhula okha.

Tsopano tisinthe pang'ono. Mayi yemweyo watuluka pa 9 Julaye koma riteni watumiza mu Okutobala. Miyezi itatu imeneyo anali kuti? Ngati adokotala anamuuza kuti apume kunyumba, kapena ankabwererabwerera kuchipatala, zikhale pa pepala. Ngati palibe cholembedwa, dziwani kuti mpata umenewo ndi umene adzaufunse. Ndipo mayi wathu uja asaiwale kuti riteni ya Juni ikufunika pa 25 Julaye. Kupempha chikhululukiro cha Meyi uku ukuchedwanso ndi ya Juni, n'kudzitchera ndale wekha.

Sitepe yachitatu: umboni. Kalata ya kuchipatala yokhala ndi chidindo, tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka. Masamba oyenera a buku lanu la kuchipatala ngati akuthandiza. Perekani mafotokope, enieniwo sungani. Ndipo simukuyenera kuyala matenda anu onse. Ine ndimati masiku ndi chidindo ndiye mutu wa nkhani, zina zija n'zanu ndi adokotala anu.

Tisanapitirire, vidiyo ya mmene mungatumizire riteni ya ziro ili pamwambapa, mukaione mukatha ino. Osati pano, dikirani kaye!

Sitepe yachinayi, kalata yeniyeniyo. Tsamba limodzi. Ambiri amailemba m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi izi. Ilembereni kwa Commissioner General, kudzera ku ofesi imene imasunga fayilo yanu. Pamwamba dzina la bizinesi monga linalembetsedwera, nambala yanu ya msonkho yotchedwa TPIN, mtundu wa msonkho ndi mwezi wake, ndi kuchuluka kwa chindapusa monga chikuonekera pa akaunti yanu. Kenako nkhani yake, ya mayi uja ingamveke motere:

“Riteni ya VAT ya Meyi inkafunika pa 25 Juni. Ndinagonekedwa m'chipatala kuyambira pa 18 Juni mpaka pa 9 Julaye, ndipo ndine ndekha amene ndimatumiza mariteni a bizinesiyi. Ndinatumiza riteniyo pa 15 Julaye ndipo msonkho wonse ndinalipira tsiku lomwelo. Ndikupempha kuti chindapusa cha kuchedwaku chichotsedwe.”

Mwaimva mfundo yoti “ndine ndekha”? Imeneyo ndiye ikulumikiza matenda ndi kuchedwa. Koma ilembeni ngati ndi yoona. Kampani yokhala ndi akauntanti ndi madairekitala atatu singangoti bwana anadwala, adzafunsa kuti enawo anali kuti. Ngati kale simunachedwepo, nenani m'chiganizo chimodzi. Onjezani zimene mwakonza kuti zisachitikenso, mwachitsanzo kuti mwaphunzitsa munthu wina kutumiza riteni. Za fizi ya ana ndi kukwera mtengo kwa zinthu, zisiyeni, aliyense ali nazo.

Kachenjezo kamodzi: ngati mukunena kuti munatumiza pa nthawi yake ndipo chindapusacho n'cholakwika, imeneyo si kalata yopempha chifundo. Kumeneko n'kutsutsa, kuli ndi njira yake ndi malire a masiku, ndiye musasakanize.

Sitepe yachisanu: pitani ndi makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsiku limene alandira, mubwerere nayo. Mukatumiza pa imelo, sungani imeloyo. Yankho likabwera, likhale lolembedwa, ndipo mulowenso pa Msonkho Online muone ngati chindapusacho chachokadi pa akaunti, chifukwa “zatheka bwana” wa pakamwa simungamuonetse kwa wina aliyense.

Sabata yamawa tikamba za PAYE ya wantchito amene wasiya ntchito pakati pa mwezi. Tumizirani vidiyoyi mnzanu uja amene akudikirabe yankho riteni asanatumize. Tionana.