Chifukwa chiyani Kalulu wanu akusintha nkhope pakati pa katuni?

[PA SIKIRINI: zithunzi zitatu za Kalulu, cha m'gawo 1, cha m'gawo 10 ndi cha m'gawo 20, zili pamzere umodzi]

Takulandirani nonse okonda kujambula makatuni. Tayang'anani zithunzi zitatuzi. Wojambula ndi mmodzi, nthano ndi imodzi, koma pofika gawo 20 makutu atalika, mimba yakula, ndipo ubweya womwe unali wakhofi wayamba kufiira. Woonera sangathe kuloza chomwe chalakwika, koma mtima wake umakana kuti uyu ndi Kalulu uja anamuona poyamba.

Vutoli silibwera chifukwa chosadziwa kujambula. Limabwera chifukwa chotengera chithunzi chimene mwangomaliza kumene. Kalipentala akamadula matabwa, n'kumayezera thabwa lililonse pa lomwe wangodula m'malo moyezera pa loyamba, lomaliza silikwana pachitseko. Tiyeni tiwerengere. Khutu la Kalulu ndi lotalika mapikiselo 200. Tinene kuti pa chithunzi chilichonse dzanja lanu likuwonjezera 2 pa 100 alionse, kusiyana komwe diso silingaone. Mukatengera motsatizana kokwana 20, khutu lija lafika mapikiselo 297, pafupifupi theka lina pamwamba. Ndipo zithunzi 20 ndi zochepa kwambiri. Katuni yoyenda pa mafulemu 24 pa sekondi, chithunzi chimodzi chikamakhala mafulemu awiri, imafuna zithunzi 12 pa sekondi, kutanthauza 720 pa mphindi imodzi.

Choncho pafunika chinthu chimodzi chosasuntha choti aliyense azibwererako. Pa maonekedwe a thupi, chinthucho ndi pepala lachitsanzo, lomwe akatswiri amati modelo shiti. Pa mitundu, ndi paleti yokhazikika, kutanthauza mndandanda wa mitundu yomwe mwasankhiratu.

[PA SIKIRINI: pepala loyera, mizere yopingasa ikujambulidwa]

Tiyambe ndi pepala lachitsanzo. Musayeze Kalulu ndi masentimita, chifukwa m'gawo lina adzakhala pafupi, m'gawo lina patali. Muyezeni ndi mutu wake womwe. Kalulu wathuyu ndi wa mitu itatu kuchoka paliwombo kufika kuphazi, ndipo khutu loima ndi mutu umodzi pamwamba pake. Papepala pathu mutu ndi mapikiselo 200, ndiye thupi lonse ndi 600, pamodzi ndi khutu 800.

Tsopano jambulani mizere yopingasa kuchoka mbali ina ya pepala kufika mbali inayo. Mzere wina pansonga ya khutu, wina paliwombo, wina m'maso, pakati penipeni pa mutu, wina pachibwano. Wina pomwe pathera malaya ake ofiira, pa mitu iwiri kuchoka paliwombo, ndipo womaliza pansi pa mapazi. Pakati pa mizere imeneyi mujambule Kalulu atayang'ana kutsogolo, atapendekeka pang'ono, ali cham'mbali, ndiponso atatifulatira. Diso la chithunzi cham'mbali liyenera kugwera pa mzere womwewo umene pagwera maso a chithunzi chakutsogolo. Likatsika kapena kukwera, ndiye kuti mwajambula akalulu awiri pa pepala limodzi, ndipo aliyense wogwiritsa ntchito pepalalo adzasankha wake.

Thirani mtima kwambiri pa chithunzi chopendekeka pang'onocho. Anthu ambiri amataya nthawi kukongoletsa chakutsogolo, chonsecho m'katuni yeniyeni Kalulu adzathera nthawi yambiri atapendekeka, akulankhula ndi Njovu kapena Fisi. Ndi pa chithunzi chimenechi pomwe muyenera kugamula zinthu zovuta: diso lakutali lichepa bwanji, mphuno ibisa tsaya mpaka pati, nanga makutu aphimbana kapena ayi.

Pambali pake jambulani Kalulu yemweyo wopanda ubweya, wopanda malaya, mafupa a chithunzi okhaokha. Mutu ndi mpira, thupi lili ngati peyala, mapazi ndi timazira titalitali. Chifukwa chake n'chakuti muyezo wa mitu umagwira ntchito Kalulu akaima chilili. Mukamujambula kuchokera pamwamba, kapena akudumpha kubwera kwa woonera, mitu itatu ija siwerengekanso. Pamenepo chimene chimakupulumutsani ndi kuzungulitsa mpira ndi peyala uja m'maganizo, kenako n'kuziveka khungu.

[PA SIKIRINI: khutu limodzi la Kalulu lapindika pakati]

Pali msampha umene ndikufuna tiufatsire. Kalulu wathu ali ndi khutu lakumanzere lopindika pakati, ndipo ndicho chizindikiro chake. Kumanzere kwa ndani? Kwake, osati kwanu. Akatiyang'ana, khutu lopindikalo limaoneka kudzanja lathu lamanja. Akatifulatira, limaoneka kumanzere kwathu. Lembani zimenezi ndi mawu papepalapo, ndi kamuvi koloza khutulo.

Msamphawo umagwira tsiku lomwe mwatopa. Muli ndi chithunzi chabwino cha Kalulu akuthamangira kumanja, mukufuna athamangire kumanzere, ndiye mungochitembenuza ndi kompyuta. M'kanthawi kochepa ntchito yatha, koma khutu lopindika lasamukira mbali ina. Njira zake ndi ziwiri. Mwina muike makutu pa leya yawoyawo, yomwe ili ngati pepala loonekera loyalidwa pamwamba pa chithunzi, kuti muwajambulenso mukatembenuza thupi, kapena muvomereze kuyambira pachiyambi kuti mbali zonse za Kalulu zikhale zofanana. Ine ndimakonda kusunga khutu lopindikalo, chifukwa ngakhale Kalulu atakhala mthunzi wakuda bii patali, mwana amamuzindikira. Koma dziwani kuti mtengo wake mudzaulipira pa gawo lililonse.

Chimodzimodzi ndi zokongoletsa. Mabatani asanu pamalaya, mizere ya m'nsalu, ndevu zisanu ndi chimodzi, zonsezi zimakoma pa chithunzi chimodzi. Kumbukirani 720 uja. Kalulu wathu ali ndi batani limodzi, ndevu ziwiri mbali iliyonse, zala zinayi, ndipo manambala amenewa alembedwa papepala. Pamakhalanso malamulo ena osatsata chilengedwe. Makutu a Mickey Mouse amakhala ozungulira kulikonse komwe mutu wake wayang'ana, ngakhale cham'mbali. Ngati Kalulu wanu ali ndi lamulo lotere, lilembeni, apo ayi mnzanu adzalikonza poganiza kuti munalakwitsa.

Mapepala ena otsatira ndi a nkhope, yosekerera, yokwiya, yamantha ndi yachinyengo ija ya Kalulu, komanso limodzi loimika onse a m'nthano pamzere kuti zidziwike kuti Njovu ndi wamtali kangati kuposa Kalulu. Lembaninso kunenepa kwa mzere, mwachitsanzo mapikiselo 6 pa chithunzi cha 1920 kwa 1080.

[PA SIKIRINI: timabokosi tiwiri ta mtundu umodzi, kena pa malo oyera, kena pa malo akuda]

Tsopano mitundu. Timabokosi tiwiriti ndi ta mtundu umodzi ndendende, koma ka pamalo akuda kakuoneka kowala kuposa kanzake. Diso limaweruza mtundu potengera zomwe zauzungulira. Onjezani kuti sikirini ya foni ndi ya laputopu sizionetsa mofanana. N'chifukwa chake mtundu sausankha ndi maso kawiri. Mumasankha kamodzi, n'kulemba nambala yake.

Kompyuta imapanga mtundu posakaniza kufiira, kubiriwira ndi buluu, chilichonse kuyambira 0 mpaka 255. Ubweya wa Kalulu wathu ndi 181, 131, 90, zomwe mwachidule zimalembedwa #B5835A. Chiwalo chilichonse chipatseni mtundu wake ndi mtundu wa mthunzi wake, basi. Paleti yotere mukhoza kuilemba ngati fayilo ya `.gpl`, yomwe GIMP ndi Krita, mapulogalamu aulere onse awiri, amaitsegula. Chiyambi chake chili chonchi:

```
GIMP Palette
Name: Kalulu_masana
#
181 131  90 ubweya
138  95  60 ubweya_mthunzi
242 226 196 mimba
193  39  45 malaya
 43  26  18 mzere
```

Onani kuti maina ake ndi a chiwalo. Mnzanu akaona "ubweya_mthunzi" safunsanso kuti mtunduwu upita pati.

Nanga ubweya uja unafiira bwanji pofika gawo 20? Ndi matenda omwe aja a makutu. Wojambula amatenga kachida kotolera mtundu n'kudina pa chithunzi chadzulo. Akadina pafupi ndi mzere, amatola pikiselo yosakanikirana, chifukwa pulogalamu imasalaza m'mphepete posakaniza mtundu wa mzere ndi wa ubweya. Akadina pa chithunzi cha JPEG, amatolanso nambala yosiyana pang'ono, chifukwa JPEG imachepetsa fayilo posintha mitundu mosaonekera. Ndiye ganizirani gulu lomwe limatumizirana ntchito pa WhatsApp, komwe chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimafinyidwanso. Mawa wina atola pa chotoledwa kale, ndipo 181 uja wayamba ulendo. Sungani pepala lachitsanzo ngati PNG, litumizeni ngati Document, ndipo mtundu muzitenga pa paleti pokha.

Usiku umafuna paleti yakeyake. Ambiri amayala leya ya buluu pamwamba, n'kuiika pa Multiply, njira yosakanizira yomwe imadetsa mitundu ya pansi pake. Njirayi ndi yabwino, koma wina akaika Opacity, mphamvu ya kuoneka kwa leyayo, pa 40 mnzake pa 60, mukhala ndi usiku uwiri m'mudzi umodzi. Yesani kamodzi mpaka mukhutire, lembani manambala atsopano omwe atuluka, muwasunge ngati `Kalulu_usiku`. Amene mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya OpenToonz muli ndi mwayi wina: kumeneko utoto uliwonse umamangirizidwa ku kabokosi kake m'paleti, moti mukasintha kabokosiko, zithunzi zonse zogwiritsa paletiyo zimasintha pamodzi.

[PA SIKIRINI: chithunzi chachitsanzo chikuyalidwa pamwamba pa cha m'gawo 20]

Tiyeni timupime Kalulu wa m'gawo 20. Ndatenga chithunzi chachitsanzo chopendekeka, ndachiyala pamwamba pa Opacity 50, ndipo ndikuchikulitsa mpaka mitu iwiriyo ifanane. Mutu ndiye poyambira nthawi zonse. Onani khutu latulukira pamwamba, ndipo malaya atsika kupitirira mzere wa mitu iwiri. Kenako ndidina pakati pa ubweya, kutali ndi mzere, n'kuwerenga nambala. Ikapanda kukhala 181, 131, 90, ndithira utoto mwatsopano kuchokera pa paleti.

Musapime chithunzi chilichonse motere, mungaumitse katuni yanu. Kalulu akadumpha ayenera kutamuka, akatera ayenera kufupika n'kuphwatalala, bola kuchuluka kwa thupi kusasinthe: akatalika awonde, akafupika anenepe. Pimani zithunzi zikuluzikulu zokha, pomwe kuyenda kukuyambira ndi pomwe kukuthera, musanajambule zapakati.

Zimachitikanso kuti pofika gawo 10 mwapeza kuti maso akuluko pang'ono akumukhala bwino Kalulu. Musangoyamba kujambula choncho mwakachetechete. Sinthani pepala lachitsanzo, lipatseni dzina latsopano monga `kalulu_chitsanzo_v2.png`, lembani pamwamba chomwe chasintha, ndipo lakale lichotsedwe mufoda ya gulu tsiku lomwelo. Kenako gwirizanani ngati magawo 1 mpaka 9 akonzedwanso, kapena maso atsopanowo adikire nthano yotsatira.