Ndalama ya botolo lililonse si yanu yonse: msonkho wa ekisaizi

[Chithunzi: chinanazi choyalidwa m'mbali mwa msewu ku Mulanje, kenako mabotolo akudzazidwa]

Moni nonse. Tiyerekeze kuti muli ndi kafakitale ku Luchenza, mumagula chinanazi kwa alimi n'kupanga vinyo wa m'mabotolo. Vinyo ali m'gulu la katundu amene MRA imadulapo msonkho wa ekisaizi, ndipo amene amaupereka ndi inuyo wopanga, osati mwini golosale amene wadzapikula.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Botolo limodzi potuluka pageti mwaliika pa K1,000. Mulingo wa msonkhowu umasiyana malinga ndi mtundu wa katundu, choncho lero tingoyerekeza 20 pa 100 iliyonse.

[Pa sikirini: mabotolo 1,000 pa K1,000 ndi K1,000,000, ekisaizi ndi K200,000]

Mwezi uno mwatulutsa mabotolo 1,000. Wogula alipira K1,200,000, kenako VAT pamwamba pake. Mvetserani bwino apa: VAT imawerengedwa pa K1,200,000 ija, osati pa K1,000,000. Inde, ndi msonkho pamwamba pa msonkho unzake, ndipo ndi mmene lamulo lilili.

Tsopano m'mabuku. Patsamba la malonda mulembe K1,000,000 basi. K200,000 inayo ikhale ndi tsamba lakelake, la ngongole yanu kwa MRA. Mwangosungira MRA ndalama imeneyo, si phindu ayi. Ambiri amapunthwa pompano. Amalemba K1,200,000 yonse ngati malonda, bizinesi n'kumaoneka yonona, n'kugulira ndalamayo shuga ndi mabotolo atsopano. Pofika pa 20 mwezi wotsatira, tsiku lomaliza kupereka lipoti ndi kulipira, m'thumba muli mbee, chilango cha kuchedwa chikudikira.

Chowawa china n'chakuti msonkhowu umatsata katundu amene watuluka m'fakitale, osati ndalama imene yalowa. Mukapereka mabotolo 300 pangongole kwa wamalonda wa ku Thyolo boma, iye n'kuchedwa kulipira, K60,000 ya mabotolo amenewo MRA ikuifunabe pa lipoti la mwezi womwewo. Musaganizenso kuti muchotserapo VAT imene munalipira pogula shuga. Imeneyo imathera ku lipoti la VAT, sikhudzana ndi ekisaizi.

[Chithunzi: munthu akuwerenga makatoni m'nyumba yosungiramo katundu]

Nanga mudziwa bwanji kuti mwasokoneza? Kumapeto kwa mwezi tengani mabotolo amene munayamba nawo, onjezani amene mwapanga, chotsani amene atsala. Chiwerengero chimenecho chifanane ndi chimene mwalemba pa lipoti. Cha pa lipoti chikaperewera ndi 40, fufuzani. Mwina anasweka koma palibe analemba, mwina a bwana anatengako katoni kupita nayo ku chinkhoswe. Ndipo mukalipira, ngongole ya mwezi umenewo patsamba lija ithe psiti. Ikatsala ngakhale K2,000, pali mabotolo 10 amene sanawerengedwe bwino, bwererani ku malisiti.