Alamu, mawa mukamapita ndi amayi kuchipatala

Alamu, mwaswera bwanji? Ndati ndingojambula mawu, kulemba sinditha zonsezi. Mumvere mpaka kumapeto chonde, chifukwa mawa muli nokha ndi amayi, ine sindibwera.

Choyamba ndi kuwafikira. Inu mwawazolowera a pakhonde, owapatsa phala basi, koma ulendo ndi nkhani ina. Amayi saona, samva. Diso lakumanja limangozindikira kuti uku kukuwala, uku kuli mdima, ndiye musadalire zimenezo. Mukafika musawagwire dzanja mwadzidzidzi, amadzidzimuka, ndipo akadzidzimuka m'mawa tsiku lonse amakhala ndi mantha. Muwakhudze paphewa ndi kuseri kwa dzanja lanu, pang'onopang'ono, dzanjalo likhale pomwepo osalichotsa. Kenako mulitsetserese kutsika ndi mkono mpaka lifike pa dzanja lawo. Mulowetse lanu pansi pa lawo. Pansi, alamu, osati pamwamba. Lanu likakhala pansi iwo ali ndi ufulu wochotsa lawo akafuna. Likakhala pamwamba ndiye kuti mwawagwira.

Ndiye adziwe kuti ndinu ndani. Ine amandidziwira chipsera cha pachala changa chachikulu. Inu, chibangili chija mumavala kumanja chija, muwakhudzitse chimenecho, ndipo mawa musachivule tsiku lonse. Nthawi iliyonse mwachoka n'kubweranso, ngakhale mwangopita kukatunga madzi, muyambenso ndi chibangilicho. Akakutchulani, ndiye mwayamba bwino.

Tsopano kuwauza za ulendo. Ayi, dikirani, ndiyambe ndi kulemba. Amayi anaphunzira kuwerenga ali mtsikana, makutu anafa atakula kale, maso n'kubwera pambuyo, ndiye zilembo akuzidziwa ndipo kuyankha amayankha ndi pakamwa. Mutenge chikhatho chawo chakumanzere, muchigoneke pa chanu, muzilemba ndi chala cholozera. Zilembo zikuluzikulu zokha. Chilembo chimodzi chidzaze chikhatho chonse, chotsatira mulembenso pamalo omwewo. Musamayende cham'mbali ngati mukulemba mu kope, malo athera panjira ndipo iwo sangatsatire. Pamalo omwewo, chimodzi, mupume pang'ono, china. Iwo amatchula chilembo chilichonse mokweza, ndiye mukamva atchula cholakwika mufute chikhathocho ndi dzanja lanu ngati mukufufuta, muyambirenso liwulo. Musalembe chiganizo chonse. Lembani CHIPATALA, akhoza kulimaliza okha musanafike ndi pakati pomwe. Akamaliza molondola muwagogode kawiri padzanja, ndiye kuti eya. Ayi ndi kufuta kuja. Ndipo muwapatse buku lawo lakuchipatala aligwire, ndi nsapato zawo za ulendo. Zimenezo zimawauza zambiri kuposa zilembo.

Mwandifunsa dzulo kuti mwana wa kwa aneba anu uja angathandizidwenso choncho. Ayi, iyeyo ndi zina. Mwana wobadwa osaona ndi osamva, monga zimachitikira mayi akadwala rubela ali woyembekezera, sanaonepo chilembo. Amayamba ndi zinthu: kapu ndiye kumwa, sipuni ndiye kudya, sopo ndiye kusamba, chinthu chomwecho tsiku lililonse ntchitoyo isanayambe. Ku Chisombezi ku Chiradzulu kuli malo ophunzitsa ana otere, makolo ake afunse za kumeneko. Palinso ena amene anali osamva kuyambira ali ana, anaphunzira chinenero chamanja monga pa sukulu ya ana osamva ya ku Mua, maso n'kudzafooka atakula. Iwowo amasanjika manja awo pamwamba pa manja a wolankhulayo n'kumatsatira. Aliyense ali ndi njira yake. Koma tibwerere kwa amayi.

Kuyenda. Iwo ndi amene akugwireni inu, osati inu kuwagwira iwo. Ndibwereze: iwo agwire mkono wanu, pamwamba pang'ono pa chigongono, zala zinayi mkati, chala chachikulu kunja. Mkono wanuwo ukhale pafupi ndi thupi, osamaugwedeza. Inu mukhale patsogolo pang'ono, ngati theka la sitepe. Chifukwa chake n'chakuti thupi lanu ndi limene likuwauza njira. Mukakhota, mkono ukhota, iwo amva asanafike pokhoterapo. Mukatsika, amva mkono ukutsika. Ndiye katundu asakhale kudzanja limenelo, chikwama muberekere kumsana kapena chikhale mbali inayo.

Amuna anuwo, achimwene angawo, ndinawauza zimenezi kangapo konse koma samva. Iwo amawagwira amayi m'mapewa n'kumawakankha patsogolo ngati wilibala, ati kuti aziwaona bwino. Ndiye munthu wosaonayo ndi amene akuyamba kufika pa dzenje! Tsiku lina anawaombetsa pa nthambi ya pichesi ija ili kuseri kwa nyumba, mpaka pamphumi panatupa. Kuyambira pamenepo amayi akazindikira kuti ndi iwo amakhala pansi, amakana kunyamuka, achimwene n'kumati amayi ayamba makani. Si makani. Mawa akafuna kukuthandizani, muwapatse chikwama anyamule.

Njira ya m'dimba ija, pakati pa mizere ya kachewere, ndi yopapatiza, anthu awiri simungayende mogundizana. Mupititse mkono umene agwirawo kumbuyo, pamsana panu. Iwo akudziwa, alowa kumbuyo kwanu okha n'kutambasula mkono wawo kuti asakupondeni zidendene. Muchepetse liwiro. Njira ikatakasuka mubwezere mkono m'malo mwake.

Tsopano apa mumvetsetse, alamu, apa pokha ngakhale mubwereze kumvera kawiri. Ngalande ya m'mbali mwa msewu waukulu, musanafike pokwerera minibasi pa Lizulu. Pamenepa ndi pamene amayi anagwera chaka chatha, ndili nawo ine, bondo linawavuta mpaka dzinja. Chinachitika n'chakuti tinaifikira ngalandeyo chopingasa, mokhota, minibasi ikuimba hutala, ndiye ine phazi langa linali litaoloka kale pamene iwo anali asanadziwe n'komwe kuti pali dzenje. Munthu wosaona koma wakumva umangoti “ngalande”, iye n'kukonzeka. Amayi mawu amenewo sawafika. Chimene chimawafika ndi kuima kwanu.

Ndiye muchite chonchi. Muifikire ngalandeyo molunjika, nonse awiri nkhope zanu ziyang'ane tsidya, osati cham'mbali. Mukafika m'mphepete muime. Kuima kwenikweni, osati kungochepetsa liwiro. Muwasendeze afike pambali panu, mapazi anu onse akhale pamzere umodzi. Muwasiye afufuze m'mphepetemo ndi phazi lawo, amatero okha, amatsetsereza nsapato mpaka amve pamene nthaka yathera. Musawafulumize. Akapeza, mugogode kawiri. Kenako inu muoloke ndi phazi limodzi lokha, linalo likhale kuno, muimenso. Mkono wanu wapita patsogolo, ndiye iwo amva kutalika kwa dzenjelo pa mkonowo. Akatambasula mwendo n'kuponda tsidya, ndiye mumalize nonse.

Mwina mukuti, nanga ngalandeyo ikakhala yotakata? Eya, penapake madzi anakumba, ndi yotakata. Musayese n'komwe. Muyende nawo m'mbali mpaka pamene anaika matabwa paja, ndi patali pang'ono koma palibe kanthu. Pamatabwapo mkono kumbuyo, monga m'dimba muja. Ndipo minibasi ikafuna kupita ipite, ibwera ina. Kondakitala asawagwire. Amabwera ndi mtima wabwino, “tiyeni agogo, tiyeni”, n'kuwakoka dzanja linalo, ndiye amayi akumva anthu awiri akuwakokera mbali ziwiri, sakudziwa wachiwiriyo ndi ndani. Mumuuze mwaulemu kuti, achimwene, asiyeni, saona komanso samva, ndiwakweza ndekha.

Masitepe a kuchipatala ndi chimodzimodzi. Molunjika, kuima, phazi lawo lipeze sitepe yoyamba. Ngati mukukwera mukweze mkono pang'ono, ngati mukutsika muutsitse, adziwe. Inu mukhale sitepe imodzi patsogolo. Mukafika pomaliza muimenso kachiwiri, apo ayi amakweza phazi kufuna sitepe imene kulibe. Ngati pali chitsulo chogwirira, muike dzanja lawo linalo pamenepo.

Ndadumpha za kuoloka msewu. Ngati n'kotheka musaoloke pa msika penipeni, pali njinga zamoto za kabaza zambiri, zimatulukira paliponse. Mudikire mpaka mbali zonse mukhale mopanda kanthu, poti ndi amayi simungathamange, komanso mukafika pakati simungabwerere mwadzidzidzi. Mukamayenda m'mbali mwa msewu, inu mukhale mbali ya magalimoto.

Pokwera minibasi, mutenge dzanja lawo, lanu pansi monga ndanena, mulifikitse pamwamba pa chitseko kuti adziwe poweramira, kenako pa mpando. Akakhudza mpando amakhala okha, musawakankhire pansi. Pa benchi ya kuchipatala chimodzimodzi, dzanja pa benchi, iwo apapasa n'kukhala.

O, ndi ichi, ndikanaiwala. Chilembo cha X. Mukawalemba X wamkulu pamsana ndi chala, kuchokera paphewa kutsika, ndiye kuti pali ngozi, tinyamuke pompano, ndikufotokozerani pambuyo. Anthu osaona ndi osamva m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito chizindikiro chimenechi, ndipo amayi tinagwirizana nawo kale. Galimoto ikataya njira, moto, ndewu pa msika, ndi pamenepo. Koma musachigwiritse ntchito pofuna kuthamangira minibasi, ayi, chikatero adzasiya kuchikhulupirira. Ndipo mukafika pabwino muwafotokozere ndithu chimene chinachitika.

Kuchipatalako mudzafunika kuwasiya pang'ono, mwina kukapereka buku, mwina kukatenga mankhwala. Musawasiye ataima pabwalo popanda chogwira. Mlongo wanga wamng'ono uja anawasiyapo choncho pa msika, ati ndikungogula tomato apa, anawapeza akuzungulira manja ali m'mwamba, akulira, anthu atawaunjirira. Kwa iwo mukachotsa dzanja ndiye kuti mwasowa, sadziwa ngati muli pafupi kapena mwakwera galimoto. Muwakhazike pa benchi, kapena dzanja lawo likhudze khoma. Mulembe DIKIRANI, ayankhe kaye, ndiye muzipita. Muuzenso amene akhala nawo pafupi kuti asawasunthe mzere ukamayenda.

Kwa adokotala, iwo azilankhula ndi inu, n'zachidziwikire, koma musamangoyankha nokha. Amayi akudziwa pamene pakuwapweteka, mulembe funsolo mwachidule, ayankhe okha. Mawu awo akakwera kwambiri, poti sadzimva, mutsitse dzanja lawo pang'ono, amachepetsa. Ndipo asanawagwire, asanawamange choyezera magazi chija pamkono, makamaka jakisoni, muwapemphe anamwino adikire kaye. Muwakhudzitse amayi chinthucho, ngati ndi lamba wa pamkono uja, kapena mulembe JAKISONI n'kuwakhudza pamalo pamene abayepo. Zimatenga kanthawi kochepa, anamwino ambiri amamvetsa mukawauza.

Mankhwala akakupatsani a mitundu iwiri, paketi imodzi muimange ndi kalabala kuti azisiyanitsa ndi dzanja, am'mawa ndi amadzulo. Foni ikutha moto. Munyamuke m'mamawa, ndipo mutenge juzi lawo lija, kukuzizira. Mukaoloka ngalande ija mundiimbire.